Bambo a ana anga anamwalira, tsopano pali bambo wina: ndiwauze ziti, ndipo liti?

NaChisale_Mufakose
Moni nonse apagulu. Ndili ndi nkhani imene ndikulephera kuiyamba ndi abale. Bambo a ana anga anatisiya chaka chatha mu Malichi. Anali Mshona wa ku Murehwa, ine makolo anga anachokera ku Dedza koma ndinabadwira konkuno ku Zimbabwe. Anandilipirira roora yonse, malowolo aja, koma mchato sitinachite, pepala la ukwati ndilibe. Tili ndi ana awiri, wamkulu ali Fomu 3. Kwawo akuti mwambo wa kurova guva, wobweza mzimu wa malemu pakhomo, udzachitika mu Ogasiti. Nyumba imene tikukhala ikadali m'dzina la malemu.

Tsopano pali bambo wina wa ku Glen View amene takhala tikucheza. Ndi munthu wofatsa, akuti banja lawo linatha kalekale. Akudziwa kuti ndine wamasiye, koma za guva, za nyumba ndi zina sindinawauze. Funso langa ndi lakuti munthu watsopano umamuuza ziti poyamba, ndipo ziti zingadikire? Sindikufuna kubisa, komanso sindikufuna kukhuthula mtima wanga wonse kwa munthu amene mawa akhoza kuchoka nazo.

Phiri_wa_Kombi
Auzeni zonse lero lomwe. Wofuna kukhala akhala, wothawa athawe msanga.

GogoTafara
Mwana wanga, pepa ndi zimene zinakugwera. Palibe cholakwika kuti mtima wako wayambanso kuona munthu. Koma Ogasiti sali patali. Ine ndinakwatiwa kwa Ashona ndipo mwambowu ndinaudutsa ndekha. Likatha la guva, m'mawa mwake amakhala pansi kukambirana nkhani ya nhaka, yolowa chokolo. Mabanja ena amaika ndodo kapena uta wa malemu pansi kuti uudumphe, kusonyeza kuti sunagone ndi mwamuna wina chimwalirire mwamuna wako. Kenako amakupatsa mbale ya madzi kuti upatse amene ukufuna akusunge. Ngati sukufuna kulowedwa, umapatsa mwana wako wamwamuna kapena atete, mlongo wa malemu, ndipo aliyense amamva kuti wakana. Ine ndinapatsa mwana wanga amene anali ndi zaka 9.

Ndiye choyamba chowauza bambowo ndi chimenechi: kuti kwa apongozi ako sunamasulidwe, ndipo mpaka Ogasiti sangabwere pakhomo kapena kuyenda nawe poonekera. Uwauzenso kuti Ogasiti akaphonyeka zikhoza kukafika chaka chamawa, chifukwa mu Novembala Ashona sachita mwambo uliwonse, ndipo mvula ikayamba ambiri amaimika. Ukaona m'mene alandirire nkhani ya kudikirayi, udziwa zambiri za iwo.

Mjomba_Mbare
Agogo, zodumpha uta masiku ano ndi mabanja owerengeka. Ambiri opemphera amangovundukula mwala wa pamanda, kudya, basi. Tisamuopseze mayiyu.

GogoTafara
Sindikumuopseza, a Mjomba. Ku Murehwa si ku Mbare. Afunse atete a malemu kuti banja lawo limachita bwanji, asakadzidzimuke ali pa mphasa pamaso pa anthu.

Mnyamata_wa_Dzivarasekwa
Asisi, ngati mukufuna munthu wodalirika, amalume anga nawonso anafedwa, amagwira ntchito ku Msasa, sakumwa. Ndilembereni kumbali.

NaBanda_Highfield
Iwe, wawerenga bwino? Munthu ali naye kale. Akufunsa zoti amuuze.

Kalaliki_wa_Maloya
Achemwali a ku Mufakose, ine ndimagwira ntchito yolemba ndi kuyendetsa mapepala mu ofesi ya maloya m'tauni muno, ndipo nkhani ngati yanu zimandidutsa m'manja kawirikawiri. Musanaganize zimene muwauze, pali funso limene inu muyenera kuwafunsa. Mawu akuti "banja linatha" amatanthauza zinthu zosiyana kwambiri kuno.

Afunseni kuti ukwati wawo unali wa mtundu wanji. Ngati anangolipira roora popanda pepala, umatha pa mwambo, mwamuna kapena mkazi akapereka gupuro, chizindikiro chosudzulira, pamaso pa abale. Ngati unali wa mwambo koma wolembetsa, uja tinkautchula 5:07, umathetsedwa kukhoti la majisitireti. Koma ngati anachita mchato wa kutchalitchi kapena wa kukhoti wa mkazi mmodzi, uja aliyense amautchula 5:11, umenewo umathetsedwa ndi khoti lalikulu lokha. Lamulo latsopano la maukwati la mu 2022 linasintha manambalawa, koma pa mfundo iyi silinasinthe kanthu. Pepala lothetsa ukwati limakhala ndi nambala ya mlandu, maina a onse awiri, tsiku, ndi chidindo cha khoti. Munthu amene anasudzuladi amakhala nalo, chifukwa sangamangitse ukwati wina popanda kulionetsa.

Chifukwa chake ndikulimbikira ndi ichi. M'dziko muno mkazi wa mchato akhoza kukusumirani inuyo kuti mumulipire chifukwa cholowerera banja lake, ngati munkadziwa kuti mwamunayo ndi wokwatira. Makhoti akugamulabe milandu yotere. Ndipo bambowo atamwalira muli nawo, amene adzaimirire ngati mkazi wawo ndi wa pepala uja, ngakhale atakhala zaka zambiri ali ku Joni.

Phiri_wa_Kombi
Koma ine ndinamva kuti mukasiyana chaka chathunthu osakhalira limodzi, ukwati umatha wokha pa lamulo.

Kalaliki_wa_Maloya
Miyezi 12 ija ilipodi m'lamulo, a Phiri, koma ntchito yake ndi ina. Ndi umboni umene mungapereke kwa woweruza wosonyeza kuti banja lasweka moti silingakonzeke. Woweruzayo ndiye amathetsa. Popanda kupita kukhoti, ngakhale patapita zaka 20, ndinu bambo ndi mayi.

Phiri_wa_Kombi
Ndiye tilipo ambiri amene tikuyenda tili okwatira osadziwa.

Chikondi_Kuwadzana
Zimenezi zinandichitikira ine. Bambo amene ndinali naye anandiuza kuti anasiyana ndi mkazi wake, ndipo zoonadi ankakhala yekha m'chipinda cha lendi, poto mmodzi, mbaula ya gasi pakona. Abale ake ankandidziwa, mayi ake ankanditchula mpongozi. Tsiku limene tinapita kukafunsa za mchato, atatifunsa ngati wina anakwatirapo, m'pamene anayamba kuyang'ana pansi. Sanandinamize mwadala, iye mumtima mwake ukwati unatha. Koma mkazi uja atamva kuti akufuna kusudzula, anakana kusaina chilichonse mpaka nkhani ya sitandi yawo ya ku Epworth itakambidwa. Ndinadikira mpaka ndinatopa. Funsani pepala, achemwali, ndipo mulione ndi maso anu. Kufunsako si mwano.

Bambo_aTadala
Ine monga mwamuna ndinene. Mkazi atandifunsa pepala la khoti tisanafike n'pomwe pokambirana za banja, ndingamve ngati akundiyesa wakuba. Pali kafunsidwe kake. Ayambe iye kunena zake, kuti ine kwathu zinthu zili apa, guva silinachitike, nanga inu kwanu zinatha bwanji? Akatero mwamuna amamasuka. Ine mkazi wanga anamwalira 2019, ndinakwatiranso, ndipo amene anayamba kutsegula nkhani zovuta anali mayi a kunyumbawa. Ndinawalemekeza nazo.

NaChisale_Mufakose
Zikomo nonse. Ndawafunsa dzulo pa foni mwa njira imene anena Bambo a Tadala. Akuti unali mchato wa kutchalitchi, ndipo nkhani inapita kwa loya koma sakukumbuka ngati inafika kumapeto. Akuti afufuza.

Pali china chimene sindinalembe poyamba. Ndimamwa mankhwala otalikitsa moyo. Tinayamba limodzi ndi malemu ndili ndi pakati pa mwana wachiwiri, ndipo mwanayo anabadwa alibe. Malemu sanafe ndi zimenezo, inali ngozi ya pamsewu. Apongozi anga sadziwa, ana anganso sadziwa. Ichi ndiye chimandisowetsa tulo.

NaBanda_Highfield
Mwalimba mtima kulemba, achemwali. Apagulu, izi zithere pompano.

Nesi_wa_Usiku
Mayi, ndine namwino, ndipo ndayamba ndakhalapo mbali yopereka mankhwalawa. Ndiyambe ndi chimene chingakupepukitseni. Yang'anani m'kabuku kanu ka kuchipatala zotsatira za vayirolodi yomaliza, kuyeza kuchuluka kwa tizilombo m'magazi kuja. Amayeza kamodzi pa chaka kwa munthu amene wakhazikika pa mankhwala. Ngati analemba kuti tizilombo sitikuoneka, ndipo mukumwa tsiku lililonse osadumphitsa, simungapatsire mwamuna kachilombo pogonana. Izi zinatsimikizika pa kafukufuku wa mabanja ambiri amene mmodzi ali nako wina alibe. Ngati papita chaka musanayezetse, kayezetseni musanayambe nkhaniyi, kuti polankhula mukhale ndi pepala m'manja.

Za nthawi, ine ndimati musanagone nawo, koma osati pa chiyambi penipeni pamene simunadziwe ngati amasunga pakamwa. Inu muli ndi mwayi, chifukwa kudikira Ogasiti kwakupatsani miyezi yowaonera. Muone m'mene amakambira za mkazi wawo wakale. Munthu amene amakuuzani zinsinsi zonse za amene anasiyana naye, mpaka za kuchipinda, adzanenanso zanu.

Pouza, musalembe pa WhatsApp, uthenga umajambulidwa n'kutumizidwa kwina. Musauzire m'chipinda usiku zinthu zitayamba kale, chifukwa pamenepo munthu amamva ngati mwamutchera. Sankhani masana, malo oti pali anthu chapatali koma sakumvani, ngati pa benchi ku Harare Gardens, ndipo mukhale ndi ndalama yanu ya kombi. Mawu ake asachuluke: ndili ndi kachilombo, ndakhala pa mankhwala zaka zakuti, magazi anga ali chonchi, ndakuuzani chifukwa ndikukulemekezani, ndipo ndikupempha kuti zikhale pakati pa ife awiri. Mukatero khalani chete, muwasiye afunse. Ena amafunsa nthawi yomweyo, ena amasowa sabata yathunthu kenako n'kubwera ndi mafunso. Kusowako sikutanthauza kuti akana.

Ndipo iwonso akayezetse, inu muli pomwepo. Musaganize kuti nkhani ya magazi ndi yanu yokha. Mukapite limodzi ku kiliniki ya khonsolo kapena ku malo oyezera magazi a New Start, aphungu akudziwa kulankhula ndi anthu awiri. Zikatuluka kuti alibe koma anagonapo ndi wina posachedwa, abwerezenso pakatha miyezi itatu, chifukwa kachilombo kongolowa kumene sikaoneka msanga pa kuyeza kwa pachala kuja. Kondomu musaitaye msanga, matenda ena opatsirana mankhwala anuwa satchinga.

Mai_Vee_Rugare
Anesi, zonsezo n'zoona pa chipatala, koma ine ndinauza munthu mwaulemu chomwecho, masana, titakhala pabwino. Anandigwira dzanja, anati palibe vuto. Patangotha masabata awiri, amayi a kumpingo anayamba kundipatsa kapu yangayanga pa maliro. Ndinachoka mumpingomo. Ndiye ine ndimati ngati tizilombo sitikuoneka ndipo simungamupatsire, n'chifukwa chiyani muziika khosi lanu pa mpeni? Dikirani mpaka atapita kwa ankhoswe, aonetse kuti watsimikiza.

Bambo_aTadala
Mayi Vee, pepani kwambiri, munthu ameneyo anachita zoipa. Koma kudikira mpaka ankhoswe ine ndikukana. Mnzanga wina anapeza botolo la mapilitsi m'thumba la shuga m'kabati, atalipira kale roora. Anandiuza kuti kachilomboko akanakalandira, mlongo wake yemwe ali pa mankhwala. Chimene chinamupweteka n'chakuti abale onse a mkazi ankadziwa, iye yekha ndiye ankayenda mumdima. Banja lija silinakhalitse.

Mai_Vee_Rugare
Mnzanuyo akutero chifukwa zinadutsa. Akanauzidwa poyamba, mukudziwa bwanji kuti sakanathawa n'kukalalika ku bawa? Amuna mumalankhula bwino nkhani ikakhala ya wina.

Nesi_wa_Usiku
Mayi Vee sakunama, zimachitika, ndipo palibe kauzidwe kamene kangatseke pakamwa pa munthu woipa mtima. Chimene ndaona ine n'chakuti kubisa m'nyumba imodzi kumaononga kamwedwe. Munthu amayamba kudumphitsa chifukwa mwamuna ali pomwepo, amaphonya tsiku lokatenga mankhwala chifukwa alibe chonamizira, ndipo tizilombo timabwerera. Pamenepo chitetezo chija chatha kwa onse awiri. Ndiye ngakhale mutachedwetsa, musalowe m'nyumba musananene.

Mjomba_Mbare
Kwathu ku Mangochi zinali zosavuta. Akamaliza kumeta, pakapita nthawi akuchimuna amabwera kudzasudzula, kukupatsa kandalama pamaso pa ankhoswe, basi ndiwe womasuka. Kuno ana athu sadziwa n'komwe kuti nkhoswe ndi ndani. Ku sosaite yathu ya maliro tikaitana achinyamata sabwera, koma wina akamwalira amafuna basi yopita ku manda a Granville.

NaBanda_Highfield
A Mjomba, ya sosaite ija tidzaitsegulire nkhani yakeyake, ndili nazo zambiri zonena, makamaka za zopereka zimene zinakwera. Pano tithandize mayiyu. Palibe amene wayankha za nyumba.

Kalaliki_wa_Maloya
Ndabwerera, ndinali kuntchito. Choyamba, achemwali, mawu akuti "sindikukumbuka ngati inafika kumapeto" ine sandikhazika mtima pansi. Munthu saiwala tsiku limene khoti linathetsa ukwati wake. Mwina nkhani inaima chifukwa ndalama za loya zinatha, zimachitika kwambiri. Apite kwa loyayo akatenge nambala ya mlandu, ndi nambalayo ku ofesi ya khoti lalikulu pa Samora Machel adzawauza pamene fayilo inaimira. Mpaka pepala litaoneka, muwatenge ngati mwamuna wa mwini.

Tsopano nyumba. Kodi chuma cha malemu munakachilembetsa kwa Masitala wa khoti lalikulu, woyang'anira chuma cha masiye? Ngati simunatero, chitani zimenezo musanaonekere ndi munthu wina aliyense. Lamulo la kuno, chisinthireni mu 1997, limati mwamuna akamwalira osasiya wilo, mkazi wotsala amatenga nyumba imene ankakhalamo pa nthawi ya imfayo pamodzi ndi katundu wa m'nyumba. Ukwati wa roora wopanda pepala umawerengedwa pa nkhani ya chuma cha masiye. Koma poti pepala mulibe, pa msonkhano wosankha woyendetsa chumacho pamafunika abale a malemu atsimikize kuti inu munalidi mkazi wake. Apa ndi pamene amayi ambiri amagwera. Achimwene a malemu akangomva kuti pakhomo pakubwera bambo wina, amene dzulo ankakutchulani maiguru, mkazi wa mkulu wawo, amayamba kunena kuti munali chibwenzi chabe. Mlandu mukhoza kuwina, makamaka ngati kapepala kolemba za roora kalipo ndi makalata a kubadwa a ana ali m'dzina la bambo awo, koma mudzataya nthawi ndi ndalama. Tengani setifiketi ya imfa, zitupa, makalata a ana ndi mapepala a nyumba a kukhonsolo, mupite ndi atete kapena mchimwene wa malemu mmodzi amene mumamvana naye. Ngati ndalama ya loya palibe, ofesi ya boma ya Legal Aid Directorate ndi mabungwe a ZWLA ndi WLSA amathandiza amayi pa nkhani zoterezi.

Nyumba ikalowa m'dzina lanu, kukwatiwanso sikuichotsa m'manja mwanu. Mwamuna watsopanonso sakhala mwini wake chifukwa cha mchato, poti kuno aliyense amakhala ndi chuma chake m'banja. Koma tamverani apa. Lamulo lomwe likukupatsani nyumba lero lidzapatsanso iyeyo mawa. Mukakwatirana, n'kumakhala m'nyumba ya ku Mufakose, inu n'kutsogola osasiya wilo, wotsala ndi iye, ndipo nyumba ndi yake. Ana a malemu akhoza kudzapezeka panja pa nyumba imene bambo awo anaivutikira. Njira yake ndi wilo. Khoti la Suprimu linagamula mu 2020, pa mlandu wa Chigwada, kuti munthu akhoza kusiyira chuma chake amene wafuna, ngakhale osakhala mkazi kapena mwamuna wake. Koma dziwani kuti wilo yolembedwa musanakwatiwe kawirikawiri imafa mukalowa ukwati watsopano, choncho muilembe kapena kuilembanso ukwati utachitika.

Ndiye chowauza bambowo si mtengo wa nyumba kapena m'mene mapepala akuyendera, zimenezo n'zanu. Chowauza, nkhani ya banja ikangoyamba kumveka, ndi chiganizo chimodzi: nyumba iyi ndi ya ana anga, ndipo ndidzailemba choncho. Muwauze asanasiye lendi ku Glen View.

Chikondi_Kuwadzana
Apo pokha amuna ambiri amabwerera m'mbuyo. Kukhala m'nyumba ya mwamuna mnzake, kugona chipinda chomwecho, ndiye n'kuuzidwanso kuti sidzakhala yako.

Mjomba_Mbare
Nanga chikamwini si chomwecho? Makolo athu ankamanga nyumba kwa mkazi akudziwa kuti tsiku lina adzachoka ndi bulangete lokha. Palibe chachilendo.

Bambo_aTadala
Kumudzi mkamwini ankapatsidwa munda, a Mjomba. Kuno munthu akhoza kukonza denga, kumanga mpanda, kulipira madzi zaka 15, mkazi n'kumwalira, ana n'kumuuza kuti atuluke. Ngati mayiwa anene kuti nyumba ndi ya ana, anenenso kuti bamboyo asathiremo ndalama zake zomangira, kapena agwirizane kuti azisunga zogulira kasitandi kawo kena. Ife tinachita choncho. Nyumba ya mkazi wanga woyamba tinaika alendi, ndalama imapita ku sukulu ya Tadala, ife tikukhala kwina.

Kalaliki_wa_Maloya
Zimenezo n'zotheka, ndipo mu wilo mukhozanso kulemba kuti nyumba ndi ya ana koma bamboyo akhalemo mpaka atamwalira kapena atakwatiranso. Kungoti ana ena sakondwa nazo, chifukwa amadikira nthawi yaitali.

GogoTafara
Mwalankhula za makhoti ndi zipatala, koma mwana wa Fomu 3 uja palibe wamutchula. Mwana wa msinkhu umenewo amaona foni ikamalira usiku, amaona mayi ake akamasintha diresi popita kogula tomato. Asadzamve kwa anzake a mu layini. Ndipo ngati mu Ogasiti mbale ya madzi udzapatse iyeyo, ndiye kuti pamaso pa abale a bambo ake wamuika kukhala mutu wa nyumba. Ukadzabweretsa bambo wina patangopita mwezi, adzamva ngati unamugwiritsa ntchito. Ine ndikanapatsa atete, mwana n'kumusiya kukhala mwana.

NaChisale_Mufakose
Agogo, wamkuluyo ndi mtsikana, wamwamuna ndi wamng'onoyo. Koma ndamva, ndipo atete timamvana, ndi amene anandigoneka m'nyumba mwawo sabata ya maliro. Chuma sitinalembetse, ndinkaganiza kuti zimadikira guva. Ndiwaimbira atete Loweruka kuti tipite limodzi. Vayirolodi ndinayezetsa mu Janyuwale, sinaoneke. Za kuwauza bambowo ndikadali pakati pa anesi ndi Mayi Vee, ndiyamba ndaona kaye pepala la khoti. Nanga mtsikanayu ndimuuze za mankhwala anga ndisanauze munthu wakunja? Zikundivuta kuti mlendo adziwe chimene mwana wanga sakudziwa.

Mai_Vee_Rugare
Muuzeni mwana poyamba. Wanga ndinamuuza ali ndi zaka 15, analira usiku umodzi, m'mawa anandifunsa ngati ndamwa. Anthu a kumpingo atayamba zawo zija, anali atadziwa kale kuchokera kwa ine.

Nesi_wa_Usiku
Ndikugwirizana nawo, koma osati m'sabata ya mayeso, ndiponso osaphatikiza ndi nkhani ya bambo a ku Glen View tsiku limodzi. Funso loyamba limene adzafunse ndi lakuti kodi inunso mufa, lachiwiri ndi lakuti kodi iye ali nako. Mukhale ndi mayankho onse awiri. Ngati sanayezedwepo chibadwire, mupite naye akayezedwe, chifukwa inu munadziwa za magazi anu pa mimba yachiwiri, iye atabadwa kale.

Kalaliki_wa_Maloya
Chuma sichidikira guva, achemwali, lamulo limafuna kuti imfa idziwitsidwe kwa Masitala pasanathe masiku 14, ngakhale ochedwa amalandiridwabe. Loweruka ofesi imakhala yotseka, ndiye atete muwapemphe tsiku la m'kati mwa sabata, ndipo abwere ndi chitupa chawo.